Mbatatesi zobiriwira ndi zophukira: kodi kusenda kumachotsa chiphe?

"Ndimakhala ku Kapata muno mu Chipata. Mwezi watha ndinagula thumba la mbatatesi n'kuliika kukhitchini pafupi ndi windo. Tsopano zambiri zabiriwira mbali imodzi, zina zatulutsa mphukira. Apongozi akuti ndingosenda, palibe vuto, koma mnzanga wina akuti ndi poizoni, nditaye thumba lonse. Ndili ndi mwana wa zaka 3 amene amakonda tchipisi. Kodi kusenda n'kokwanira?"

Amayi, mtima ukhale m'malo, thumba lonse silinawonongeke. Apongozi anu ali ndi mbali imene akunena zoona, mnzanunso ali ndi yake. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yophunzitsa za kadyedwe ndi kasungidwe ka zakudya kuno kum'mawa, yankho limene ndafikapo ndi ili: mpeni umathandiza ngati vuto lili pamwamba pokha, koma mbatatesi ikafika poti chiphe chalowa m'kati, ngakhale mutasenda mozama bwanji kapena kuphika nthawi yaitali bwanji, siikhalanso chakudya. Ntchito yanu ndi kusiyanitsa magulu awiriwa, ndipo mungathe kutero ndi maso, zala ndi lilime lanu.

Tiyambe ndi kubiriwirako. Mbatatesi si muzu ngati chinangwa kapena kandolo. Ndi tsinde limene linatupa pansi pa nthaka, n'chifukwa chake lili ndi maso otulukira mphukira. Tsinde likaona kuwala limachita zimene tsinde lililonse limachita, limabiriwira. Mtundu wobiriwirawo ndi womwe uja uli m'masamba a chibwabwa ndi repu, ndipo pawokha sudwalitsa munthu. Chovuta n'chakuti kuwala komweko kumachititsanso mbatatesi kuchulukitsa mankhwala owawa amene imadzitetezera nawo ku tizilombo ndi nyama. Aakulu ndi awiri, solanini ndi chakonini, ndipo m'kalata ino ndingowatchula onse kuti chiphe. Choncho kubiriwira kuli ngati utsi: utsi suwotcha, koma umakuuzani kuti moto uli pafupi.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Kubiriwira ndi chiphe zimayenda limodzi kawirikawiri, koma si nthawi zonse. Mbatatesi yovulala ndi khasu, yosupuka m'thumba poyenda pa lole, kapena yokhalitsa pamalo otentha, imatha kuchulukitsa chiphe popanda kubiriwira. Komanso mbatatesi za khungu lofiira zimabisa kubiriwira, mumakuona mutakanda khungu ndi chikhadabo. Ndiye mtundu wokha si mboni yokwanira.

Mbatatesi iliyonse, ngakhale yabwinobwino yongokumba kumene, ili nacho chiphechi pang'ono, ndipo mlingo wochepawo suvutitsa thupi. Mayiko ambiri amatsatira malire akuti mbatatesi yodyedwa isapitirire mamiligalamu 200 pa kilogalamu imodzi. Mbatatesi zabwino zimakhala pansi kwambiri, nthawi zambiri zosafika 100. Koma chiphecho sichinamwazike mofanana m'mbatatesi yonse, ndipo apa m'pamene pagona yankho la funso lanu. Chambiri chimakhala m'khungu ndi kamnofu kochepa kali pansi pa khungu, mozama pafupifupi milimita imodzi ndi theka, kenako kuzungulira maso. Kumene chimaunjikana koposa ndi m'mphukira, mmene chimafika mamiligalamu masauzande pa kilogalamu. M'kati mwa mbatatesi yabwino mumakhala chochepa zedi.

N'chifukwa chake ndanena kuti apongozi ali ndi mfundo. Bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya litaunika nkhaniyi mu 2020, linapeza kuti kusenda kumachepetsa chiphe ndi magawo 25 mpaka 75 pa 100 alionse. Taonani kutalikirana kwa manambala awiriwo. Kusenda kwina kumachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi okha, kwina kumachotsa atatu. Zimatengera kuzama kwa mpeni, kukula kwa mbatatesi ndi mmene chiphe chalowera. Timbatatesi ting'onoting'ono tili ndi khungu lochuluka poyerekeza ndi mnofu, motero timakhala ndi chiphe chambiri pa kilogalamu kuposa zikuluzikulu. Ndipo palibe kusenda kumene kumachotsa chonse.

Tiyeni tiwerengere mwana wanu, poti ndiye amene akundidetsa nkhawa kwambiri. Zizindikiro za kudwala zimatha kuyamba munthu akadya miligalamu imodzi ya chiphe pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi lake. Tinene kuti mwana wa zaka 3 akulemera makilogalamu 14. Ndiye kuti mamiligalamu 14 ndi okwanira kumuyambitsa m'mimba. Tiyerekeze mbatatesi yobiriwira kwambiri imene yafika mamiligalamu 400 pa kilogalamu, zomwe zimachitika. Mwasenda bwino, mwachotsa theka, atsala 200. Kuti mwanayo afike pa mamiligalamu 14 aja, akufunika kudya magalamu 70 okha, ndiko kuti kambatatesi kamodzi koposa dzira la nkhuku pang'ono. Bambo wa makilogalamu 65 angafunike kudya magalamu opitirira 300 a mbatatesi yomweyo kuti amve kanthu. Mukuona tsono chimene chimachitika pakhomo: akuluakulu onse adya mphika umodzi ali bwinobwino, mwana yekha ndiye akusanza usiku, ndipo palibe amene akuganizira mbatatesi. Anthu akamati "ife takhala tikudya zaka zonsezi osadwala," sakunama. Matupi awo ndi aakulu, ndiponso mbatatesi pakhomo pathu nthawi zambiri imakhala ndiwo yapambali kapena ya pa tiyi, osati yodzaza mbale. Mwana wokonda tchipisi amadya zambiri poyerekeza ndi thupi lake.

Kuti kusenda kuli ndi malire, pali nkhani yodziwika imene inalembedwa ndi madokotala mu 1979. Pa sukulu ina kum'mwera kwa mzinda wa London, anyamata 78 anadwala atadya chakudya chamasana, ndipo 17 anagonekedwa m'chipatala. Ena anafika posokonezeka mutu ndi kukomoka, ngakhale kuti onse anachira. Mbatatesi zake zinachokera m'thumba limene linatsala m'sitolo ya sukulu nthawi yonse ya tchuthi. Zinasendedwa ndi kuphikidwa monga mwa masiku onse, koma chiphe chinali chitachuluka kale mu mnofu. Ndimaikumbukira nkhaniyi ndikamalankhula ndi ophika m'masukulu ogonera ndi pa misonkhano ya mpingo, chifukwa thumba loiwalika pakona ndi chinthu chimene chimapezeka kulikonse.

Za kuphika ndifuna ndinene momveka, chifukwa apa m'pamene nzeru yathu yabwino imatisocheretsa. Tinazolowera kuti chinangwa chowawa timachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika, ululu wake n'kutha. Nzeru imeneyo ndi yoona kwa chinangwa, chifukwa chiphe chake chimasungunuka m'madzi ndi kuuluka. Cha mbatatesi n'chamtundu wina. Sichisungunuka bwino m'madzi ndipo sichiwonongeka pa kutentha kwa madzi owira. Kuviika usiku wonse sikungapulumutse mbatatesi yowawa. Kuwiritsa zosenda kumatulutsirako china m'madzi, n'chifukwa chake madzi ophikira mbatatesi zokayikitsa muzitaya, osapangira msuzi. Mafuta otentha kwambiri a pa chiwaya, akafika cha m'ma digiri 170 kupita m'mwamba, amawonongako gawo lina, koma m'kati mwa tchipisi simufika kutentha kumeneko. Choncho moto muuone ngati wothandizira pang'ono pambuyo pa mpeni, osati ngati mankhwala.

Tsopano tulutsani thumbalo panja masana, mukhuthulire pa mphasa, muzitola imodziimodzi. Choyamba ifinyeni m'dzanja. Yolimba ngati mwala, ya khungu losalala, yopanda kubiriwira, imeneyo ilibe mlandu, ikani padera. Yolimba koma yatulutsa timphukira tifupitifupi, tosaposa chikhadabo, ndi yodyeka. Thyolani mphukirazo, kenako ndi nsonga ya mpeni kolowolani diso lililonse mozungulira ngati mukuchotsa chibowo cha mbozi, chifukwa kungothyola mphukira kumasiya tsinde lake m'kati momwe muli chiphe chambiri. Mukatero sendani yonse.

Yolimba yokhala ndi kachigamba kobiriwira mbali imodzi, imene inayang'ana ku windo, ndiyo imafuna dzanja lolemera. Apa iwalani kasendedwe kosunga chakudya kamene amayi athu anatiphunzitsa, kopala khungu lopyapyala ngati pepala. Dulani malo obiriwirawo mozama mamilimita atatu kapena kuposa, ndipo mupitirize kudula mpaka mnofu woonekera ukhale woyera kapena wachikasu wopanda kamthunzi kobiriwira, kenako muchotsenso kagawo kena kamodzi pamwamba pake. Chitani zimenezi powala, chifukwa kubiriwira kofowoka sikuoneka ndi kandulo kapena tochi ya foni magetsi akathima. Ngati mwadula kawiri katatu kubiriwira kukupitirirabe m'kati, kapena kwakuta theka la mbatatesi, musalimbane nayo. Imeneyo yapita.

Zotaya popanda kukambirana ndi izi: zofewa ndi zokwinyika ngati nkhope ya gogo, za mphukira zazitali ngati chala, timbatatesi ting'onoting'ono tobiriwira thupi lonse, ndi zowola kapena zonunkha. Kukwinyika kumatanthauza kuti mphukira zayamwa madzi ndi chakudya cha m'kati, mbatatesi yakhala nthawi yaitali ikukonzekera kumera, ndipo chiphe sichilinso pakhungu pokha. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya chogula ndi ndalama kumapweteka, makamaka masiku ano. Koma mukawerengera ndalama ya takisi yopita kuchipatala usiku, mbatatesi zisanu zotayidwa sizikwana n'komwe.

Muyeso womaliza ndi lilime. Mbatatesi yabwino siwawa. Chiphe chikayandikira malire aja, mbatatesi imayamba kuwawa, ndipo chikapitirira imawotcha kapena kuyabwa pa lilime ndi kukhosi, kuwotcha kumene kumatsalira kwa kanthawi. Mukakayika ndi mbatatesi imene mwasenda, dulani kachidutswa kakang'ono, kakhudzitseni ku lilime kwa kamphindi, lavulani. Kungolawa kotere sikungavulaze munthu wamkulu. Ikawawa, tayani yonse. Mukaphika, lawani musanathire tomato, anyezi wokazinga ndi tsabola, chifukwa zimenezi zimabisa kuwawa. Ndipo mwana akakana mbatatesi n'kunena kuti ikuwawa, musamukakamize, mumukhulupirire. Ndinaonapo pakhomo pena mwana akukalipiridwa kuti ndi wosankha zakudya, pamene mayi ake atalawa okha analavula. Komabe lilime siligwira zonse, choncho limabwera pambuyo pa maso ndi zala, silizilowa m'malo.

Kwa mwana wanuyo langizo langa ndi lokhwimirapo kuposa la akuluakulu. Tchipisi zake zichokere m'gulu loyamba lija, zolimba zosabiriwira, ndipo zisendedwe. Zimene mwachita kudula zobiriwira zidyedwe ndi akuluakulu, pamlingo wa ndiwo. Chimodzimodzi kwa mayi woyembekezera, okalamba ndi odwala, ndimawauza kuti asamadye zokonzedwa ndi mpeni. Pogula tchipisi za pamsewu, yang'anani m'mphepete mwa tizidutswa. Mzere wobiriwira kumapeto ukusonyeza kuti wosendayo anapala mopyapyala mbatatesi zimene zinakhala padzuwa.

Ngati wina wadya kale, zizindikiro zimayamba nthawi zambiri patapita maola angapo, mwina asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri, ngakhale zimatha kufulumira kapena kuchedwa mpaka mawa lake. Chiphechi chimayamba ndi kupweteka khungu la m'matumbo, ndiye munthu amamva nseru, kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsegula, nthawi zina ndi mutu ndi kuwotcha kukhosi. Ambiri zimathera pamenepo m'tsiku limodzi kapena awiri. Palibe mankhwala apadera ochotsa chiphechi, chofunika ndi kubwezeretsa madzi. Gwiritsani ntchito paketi ya mchere ndi shuga ya kuchipatala, kapena ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mwetsani pang'onopang'ono, pafupipafupi. Musamukakamize kusanza polowetsa chala kukhosi, ndipo musadalire mkaka kuti uchotsa poizoni.

Chiphe chikachuluka chimafika pa mitsempha ya ubongo, ndipo apo si za pakhomonso. Munthu akayamba kuwodzera mosadzutsika bwino, kusokonezeka, kulankhula zosamveka kapena kuona zinthu zomwe palibe, kufooka miyendo, kunjenjemera, kupuma movutika kapena mtima kuthamanga, pitani naye msanga kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha Chipata, ngakhale pakati pa usiku. Kwa mwana wamng'ono musadikire zonsezo. Akamasanza chilichonse chimene wamwa, maso akalowa m'kati, akatha maola ambiri osakodza, kapena thupi likatentha, nyamukani. Uzani adokotala zimene wadya ndi nthawi yake, ndipo tengani mbatatesi zotsala. Chifukwa china chimene ndimalimbikitsira kupita n'chakuti zizindikirozi zimafanana ndi za malungo ndi matenda ena otsegula m'mimba, ndipo nthawi ya dzinja kutsegula kwamadzimadzi kungakhale kolera. Si bwino kukhala pakhomo mukuimba mlandu mbatatesi pamene vuto ndi lina.

Makoko obiriwira ndi mphukira musaponyere nkhumba, mbuzi kapena nkhuku, chifukwa mmenemo ndi momwe mwasonkhanitsira chiphe chonse, ndipo ziweto nazo zimadwala nacho. Kwirirani m'dzenje la manyowa, kumene ana sangazitole posewera zophikaphika. Zophukira zimene sizinawole mungazibzale ngati muli ndi kadimba. Kwa mlimi, mbatatesi yobiriwira ya mphukira zazifupi zonenepa ndi mbewu yabwino, ndipo alimi amaiyanika dala pamalo owala pang'ono kuti itero. N'chifukwa chake mbewu yotsala pobzala siyenera kubwerera kukhitchini, komanso mbewu yogula nthawi zina imakhala yothiridwa mankhwala. Wolima akumbukire kukwezera dothi pa mizere mbewu zikamakula, chifukwa mbatatesi yosuzumira kunja kwa mzere imabiriwira isanakumbidwe. Ndiwonjezere pano kuti masamba a mbatatesi ndi tizipatso take tobiriwira tonga tomato sizidyedwa. Musafanizire ndi kandolo, amene masamba ake ndi kholowa wathu wa ndiwo, ndipo akaphukira alibe chiphe chimenechi. Ndi zomera za mitundu yosiyana.

Vuto la thumba lanu linayambira pa windo, ndipo mwina linayamba musanagule. Pamsika mbatatesi zimakhala pa milu kapena m'matumba a ukonde padzuwa tsiku lonse, kawirikawiri zotsukidwa kuti zikope ogula. Dothi limatchinga kuwala, choncho yotsukidwa imabiriwira msanga, masiku ochepa okha ndi okwanira. Pogula tembenuzani za pamwamba pa mulu, kandani imodzi ndi chikhadabo, ndipo musanyoze za dothi. Ngakhale babu la magetsi loyaka nthawi yaitali limabiriwitsa, si dzuwa lokha.

Zimene mwasankha kuti n'zabwino, zisungeni mumdima, pozizira ndi popita mphepo. Katoni yoboola mabowo m'mbali, dengu lovundikira ndi saka, kapena thumba la pepala lokhuthala zimagwira ntchito. Ziikeni pa thabwa kapena pa njerwa m'chipinda chozizira koposa m'nyumba, kutali ndi mbaula ndi khoma lowombedwa dzuwa la masana. Pulasitiki yomanga pakamwa imasunga chinyezi ndi kuwoletsa. Musatsuke mpaka tsiku lophika. Mdima umaletsa kubiriwira koma suletsa kuphukira, chimene chimafulumizitsa mphukira ndi kutentha. M'miyezi ya Juni ndi Julaye thumba limatha kukhala milungu ingapo lili bwino, koma kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno ku Chipata kumadzutsa maso mofulumira, makamaka ngati mbatatesizo zinakumbidwa kale miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Nthawi imeneyo gulani za mlungu umodzi kapena iwiri, kapena gawanani thumba ndi mnzanu uja. Kamodzi pa mlungu khuthulani katoni, thyolani timphukira tikadali tating'ono, chotsani yofewa iliyonse, ndipo zimene zayamba kusintha ziphikidwe poyamba.

Za thumba la panopa, sankhani lero lomwe, musadikire Loweruka. Muwaitane apongozi mukhale nawo pa mphasa ndi mipeni iwiri. Mudule pakati imodzi ya kachigamba kakang'ono ndi ina yobiriwira thupi lonse, muziike pamodzi powala kuti aone okha pamene kubiriwira kwathera mu iyi ndi pamene kwalowerera mu inayo. Zofunika kudula zija muphike mkati mwa masiku awiri kapena atatu, ndipo za mwana muziike m'katoni yakeyake.